Nyimbo ikakana kubwera, yambirani pa mbale ya nsima

Aliyense wopeka nyimbo amalidziwa tsiku lija gitala ali pamwendo, kope lili chitsegukire, koma mawu osabwera. Ukalemba mzere umodzi, nkuufufuta. Ena amayamba kudandaula kuti luso lawathawa. Ine ndikuona kuti kawirikawiri luso limakhala lilipo ndithu, chavuta ndi kukula kwa nkhani imene munthu wasenza. Wakhala pansi kuti apeke nyimbo ya chikondi, kapena ya umphawi. Koma chikondi ndi nyanja, ungayambe kuitunga pati? Chimene chimamasula dzanja ndi kanthu kakang'ono kogwirika: mutu umodzi, chinthu chimodzi cha m'nyumba, kapena mawu amene wamva wina akulankhula.

Njirayi si yachilendo. Mu 1964, Ringo Starr, woimba ng'oma wa gulu la ku Mangalande la The Beatles, analankhula mawu opotoka atatopa ndi ntchito. Mawuwo anasankhidwa kukhala dzina la filimu yawo, A Hard Day's Night, ndipo John Lennon anapita kunyumba nkukapeka nyimbo yake, mmawa mwake nkubwera nayo. Mutu unayamba, nyimbo nkutsatira. Kwathu kuno amayi a pamtondo akhala akuchita zomwezi kuyambira kale: mawu amodzi amene apongozi analankhula dzulo amakwana kuimba mpaka mphale itayera.

Tsiku lina ndili pamzere kuchigayo, ndinamva mayi wina wachikulire akuuza mnzake kuti, "Ndimamusungirabe nsima." Sindinamve chiyambi cha nkhaniyo, ngakhale mathero ake, ndipo zinandikomera choncho. Mawu ongomva theka amasiya mpata, ndipo mumpatamo ndi mmene mumalowa wopeka. Ndinawalemba pafoni nthawi yomweyo momwe anatulukira pakamwa pawo. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: amawakonza kuti amveke ngati ndakatulo, nkulemba za mtima wosweka, moyo wonse wa mawu aja nkuthawa. Mphamvu ya chiganizo chimenechi ili pa kachidutswa kaja ka "be". Kakutiuza kuti papita nthawi, kuti anthu ena anasiya kale kudikira, koma mayiyu ayi.

Mukapeza mawu otere, musathamangire kuimba. Afunseni mafunso atatu: akulankhula ndani, akuuza yani, ndipo nchifukwa chiyani akulankhula lero osati dzulo? Mawu a kuchigayo aja angakhale a mkazi wamasiye, a mkazi wothawidwa, kapena a mayi amene mwana wake anapita ku Joni. Nyimbo zitatu zimenezo, ndipo muyenera kusankha imodzi. Ine ndinasankha mayi wa mwana wa ku Joni, akuuza mwana wake wamkazi amene akumudzudzula kuti akuwononga ufa, nthawi yake ili Disembala, pamene mabasi akutsitsa ana a anzake ndi katundu. Mwaona? Sindinalembe mzere ngakhale umodzi, koma ndili kale ndi anthu awiri, mkangano ndi nyengo.

Tsopano pakufunika zinthu zooneka ndi maso. Mphunzitsi wina wa kalembedwe ka nyimbo pa koleji ya Berklee mumzinda wa Boston ku Amereka, Pat Pattison, amaphunzitsa njira imene anaifotokoza m'buku lake la mu 1995. Umasankha chinthu chimodzi, nkutchera wotchi mphindi 10, nkumalemba osaima zimene ukuona, kumva, kununkhiza, kulawa ndi kukhudza pa chinthucho, kuphatikizapo zimene thupi likumva mkati mwake ndi mmene likuyendera. Osafuna mawu omveka mofanana kumapeto, osafufuta. Mphindi zikatha umaima, ngakhale uli pakati pa chiganizo, kuti mawa udzakhale ndi chilakolako chobwereranso.

Chinthu changa chinali mbale yovundikira. M'mphindi khumizo munatuluka zambiri zopanda pake, koma munalinso izi: madontho a nthunzi pansi pa chivundikiro, mtanda wouma pamwamba umene wachita chikhokho, nyerere zozungulira mbale mmawa, nkhuku zimene zazolowera kudikira pakhomo, ndi khosi la mayi likutembenukira kumsewu basi ikamalira. Nkhuku zija sindikanaziganizira ndikanayamba ndi mawu akuti kusungulumwa. Zinabwera chifukwa ndinafunsa funso wamba: nanga nsimayo ikagona imapita kuti? Ndipo mzere umene ndimaukonda kwambiri m'nyimbo yonse unachokera pomwepo, wonena kuti nkhuku za pakhomo pano zanenepa ndi gawo la mwana wanga.

Kenako ndi kumanga. Mutu uja umakhala m'kolasi, ndipo ntchito ya vesi iliyonse ndi kuusintha tanthauzo kolasi ikamabweranso. Vesi yoyamba ndinaika chaka choyamba, mwana akuimbabe foni, nsima ikusungidwa mwachiyembekezo. Yachiwiri foni yasiya kugwira, mlongo wake akuti amayi lekani, ndipo mawu omwe aja akumveka ngati makani. Yachitatu mayi wadwala, sangathenso kugwira mthiko, ndipo amene akuomola mtanda woonjezera ndi mwana wamkazi uja ankadzudzulayu. Kolasi siinasinthe ngakhale liwu limodzi, koma woimba mawuwo wasintha. Njira yodziwira ngati mwalakwitsa ndi yosavuta: sinthanitsani vesi yoyamba ndi yachiwiri. Ngati nyimbo ikumvekabe bwinobwino, ndiye kuti nkhani yanu sikuyenda, mwangonena chinthu chimodzi kawiri.

Chinenero chathu chilinso ndi zofuna zake. M'Chichewa, liwu lomaliza m'chiganizo limakokedwa pa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto. Nenani "nsima" mokweza, mumva kuti "nsi" ndiye akutalika. Choncho kugunda kwamphamvu kwa ng'oma kugwere pa "nsi", osati pa "ma", apo ayi mawu amamveka ngati akuimbidwa ndi mlendo. Mutu wathu uli ndi maphatikizo 9, ndipo ndi bwino kuunena mobwerezabwereza mukuomba m'manja musanaupatse maimbidwe. Chenjeraninso ndi mathero ofanana. Popeza mawu athu amathera pa a, e, i, o kapena u, ndipo aneni ambiri amathera pa a, kufananitsa mapeto a mizere sikuvuta konse, mwakuti munthu amatha kudzaza tsamba ndi kulira, kudikira, kupirira, nkumayesa wapeka nyimbo pamene sananene kanthu.

Si mutu uliwonse umene umabala. Mutu ngati "Moyo ndi wovuta" ulibe munthu mkati mwake, ndipo mafunso atatu aja sungawayankhe. Ukayesa kawiri katatu osaona nkhope ya wolankhula, usiyeni m'kope mutenge wina. Vuto lina ndi kuthamangira kulalikira: mbale isanaoneke bwino, wolemba wayamba kale kulangiza ana kuti azikumbukira makolo. Omvera athu ndi ochenjera, akaona nkhuku zonenepa zija adzimvera okha. Ndipo mawu mukawatola pakamwa pa munthu, tengani mawuwo basi. Dzina lake, mudzi wake ndi zina zomuzindikiritsa zisiyeni, chifukwa sanakupatseni chilolezo choimba mavuto ake pawailesi.

Sabata ino, mukakwera minibasi kapena mukaima pamzere kumjigo, chotsani zomvera m'makutu. Lembani ziganizo zitatu zimene mwamva, momwe zanenedwera, ndipo madzulo musankhepo chimodzi muchifunse kuti akulankhula ndani.