Za Msinkhu wa Ukwati ndi Mawerengedwe Ake

Kunsi kwa phiri la Mulanje, pakati pa Alhomwe ndi Amang'anja amene mwambo wao ndi wa chikamwini, ukwati sukhala ukwati kufikira ankhoswe a mbali zonse ziwiri atakhala pansi ndi kugwirizana. Ndipo popeza makolo athu anaika udindo wotere m'manja mwa amalume, nkoyenera kuti iwo, pamodzi ndi anyakwawa ndi abusa a mipingo, adziwe bwino lomwe funso limene lamulo la dziko lino likuwalamula kufunsa asanafunse za khalidwe la mkamwini kapena za munda umene adzalima. Funsolo ndi lakuti, kodi mwanayu anabadwa liti?

Lamulo la Maukwati, Kusudzulana ndi Maubale a m'Banja, limene Nyumba ya Malamulo inavomereza m'chaka cha 2015, linena kuti okwatirana onse awiri akhale atakwanitsa zaka 18. Lamulo limeneli likhudza ukwati wa kwa Bwanamkubwa, wa kutchalitchi, wa kumzikiti ndi wa chinkhoswe chimodzimodzi, kotero kuti palibe khomo limene mwana angalowetsedwere m'banja mwalamulo. Komabe kwa zaka ziwiri panatsala mpata, pakuti gawo 22 la Malamulo Aakulu a dziko linkalolabe mwana wa zaka 15 kukwatiwa ngati makolo ake avomereza, ndipo lamulo laling'ono silingagonjetse lalikulu. Mpata umenewu aphungu anautseka mu Febuluwale 2017, pamene anafafaniza chilolezo cha makolo ndi kukhazikitsa kuti yense wosafika zaka 18 ndi mwana. Chiyambire pamenepo mau akuti "ife eni ake mwana tavomera" alibenso mphamvu pamaso pa bwalo lililonse. Ndipo Lamulo Losamalira ndi Kuteteza Ana la 2010 lilanga wokakamiza mwana kukwatiwa, kapena womutomeretsa mokakamiza, ndi ndende yofika zaka 10.

Tsono zaka zimenezi zitsimikizidwa motani? Amene afuna kukwatirana ayenera kupereka chidziwitso kwa wolemba maukwati, amene angakhale Bwanamkubwa ku Mulanje boma, mbusa wovomerezeka, kapena mfumu yaikulu monga a Mabuka, a Chikumbu ndi a Njema pa maukwati a mwambo. Chidziwitsocho chikhala poyera masiku 21, kuti yense wodziwa choletsa abwere nacho nthawi ikadalipo. Ndipo mphunzitsi, mlangizi wa zaumoyo kapena mnansi amene adziwa kuti mkwatibwi ndi mwana ali nao ufulu wonse wakutsutsa. Umboni woposa wonse ndi chikalata cha kubadwa, chimene nthambi ya boma yoona za kalembera ipereka, pakuti lamulo la kalembera la 2010 lifuna kuti khanda lilembetsedwe asanathe masabata 6. Koma popeza lamulolo linayamba kugwira ntchito mu 2015, atsikana ambiri amene akufunsiridwa lero anabadwa kalembera asanafalikire, ndipo pa iwo wofufuza atembenukira ku khadi la kusikelo, ku kalata ya ubatizo, ndi ku kaundula wa sukulu wa Sitandade 1. Mapepala akatsutsana, wanzeru akhulupirira lolembedwa kale kwambiri, chifukwa mai wonyamula khanda kusikelo analibe chifukwa chakunamizira tsiku, pamene pepala lolembedwa chibwenzi chitayamba likhoza kukhala lokonzedwa.

Tiyeni tiyese nkhani imodzi mwachitsanzo. Tinene kuti ku Limbuli kuli mtsikana amene anasiya sukulu ali Sitandade 7, ndipo mnyamata wochita geni pa chipata cha Muloza wamufunsira mu Malichi 2025. Amalume ake afika kwa nyakwawa atagwira chitupa cha unzika cha mwanayo, nanena kuti, "Onani, mfumu, boma lomwe lamuwerenga kuti ndi wamkulu, anabadwa 2007, ndiye chaka chino zakwana 18, ndiponso anavinidwa kalekale." M'mau amenewa muli zolakwa zitatu zimene zipezeka kawirikawiri. Choyamba, chitupa cha unzika chiperekedwa kuyambira zaka 16, motero kukhala nacho sikutsimikiza kanthu. Chofunika ndi tsiku lolembedwa pamenepo. Chachiwiri, kuchotsa 2007 pa 2025 kupereka 18, koma ngati khadi la kusikelo linena kuti anabadwa pa 12 Okutobala 2007, ndiye kuti mu Malichi ali ndi zaka 17 ndi miyezi 5, ndipo akhalabe mwana kufikira pa 12 Okutobala 2025. Chachitatu, chinamwali ndi kutha msinkhu sizilowa m'chiwerengero cha lamulo, ngakhale anamkungwi atamutcha namwali. Nyakwawa yoongoka iyenera kukana chinkhoswecho, ndipo ikaona kuti akuchita liuma, idziwitse mfumu yaikulu, a ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, kapena apolisi a nthambi yothandiza ozunzidwa. Ndipo yense ali ndi foni akhoza kuimba mwaulere pa 116.

Njira imeneyi ili ndi pofooka pake, ndipo sitichita bwino kubisa. Maukwati ambiri a ana sapita kwa wolemba aliyense. Mtsikana angolowana ndi mwamuna usiku, kapena akatenga pakati makolo amutula kwa mwini mimba, kapena awoloka naye malire kunka ku Milanje, ngakhale kuti dziko la Mozambique nalonso linaletsa maukwati otere mu 2019. Chizindikiro choyamba chioneka m'kaundula wa kalasi, pamene dzina la mwana likhala losayankhidwa sabata ndi sabata, makamaka m'miyezi ya njala. Nchifukwa chake amai a magulu oyang'anira atsikana pa sukulu ayenera kulondola mwana kwao msanga, pakuti m'mera mpoyamba. Mimba siisandutsa mwana kukhala wamkulu: mwamuna akhoza kulamulidwa ndi bwalo kusamala khandalo popanda ukwati, ndipo chiyambire 1993 boma lilola mtsikana wobereka kubwerera ku sukulu. Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza inaonetsa dziko lonse kuti mfumu ikhoza kuthetsa maukwati otere mazanamazana ndi kuimitsa anyakwawa owavomereza.

Chifukwa chake cha kuumirira konseku chili m'thupi la mwanayo. Mtsikana atha msinkhu mafupa a m'chiuno mwake asanatsirize kukula, ndipo pa tsiku lakuchira mutu wa khanda ukhoza kukanika kudutsa. Akachedwa kufika ku chipatala cha boma kapena ku Mulanje Mishoni kumene angamuchite opaleshoni, khanda likhoza kufera m'mimba, ndipo mnofu wopanikizidwa pakati pa mutu ndi fupa ubooka, nasiya mai wamng'onoyo akudontha mkodzo usana ndi usiku, nthenda imene achipatala aitcha fisitula. Pamwamba pa izi, mwana wokwatiwa ndi munthu wamkulu alibe mau a kukana, kapena a kupempha kuti akayezetse magazi, ndipo sukulu imene ikanamupatsa chake cha m'manja yamuthawa. Kafukufuku wa boma wa 2015 ndi 2016 anapeza kuti mwa akazi 100 alionse a zaka 20 mpaka 24, okwana 42 anakwatiwa asanafike zaka 18.

Chotero inu ankhoswe, amene mudzaitanidwa pakati pa usiku banjalo likadzavuta, itanitsani khadi la kusikelo musanalandire nkhuku ya chinkhoswe, muwerenge tsiku, mwezi ndi chaka. Ndipo ngati patsala ngakhale sabata imodzi, muuze mkamwini kuti adikire, pakuti wofunadi mbeta sangalephere kudikira kuti ikule.