Kalata yosiyana pa ntchito mogwirizana

Kalata yosiyana mogwirizana imalembedwa pamene wolemba ntchito ndi wantchito amvana kuti ntchito ithe, popanda wina kuchotsedwa kapena kutula pansi udindo. Mphamvu yake yagona pa kuvomera kwaufulu. Wantchito akasainitsidwa chikhatsu muofesi ya bwana, atawopsezedwa kuti akakana achotsedwa chimanjamanja, angathe kukadandaula ku khoti loona milandu ya ntchito. N'chifukwa chake kalata yabwino imanena masiku amene anapatsidwa kuti akaiwerenge kunyumba ndi kufunsa loya kapena bungwe la apantchito.

Pambuyo pa mayina ndi tsiku lomaliza ntchito pamabwera ndalama, ndipo apa ndi pamene mikangano yambiri imabadwira. Ndalama zimene wantchito ayenera kulandira kale, monga malipiro a mwezi womaliza ndi masiku a tchuthi amene sanapume, zilembedwe pazokha. Za chipukutamisozi zikhalenso pazokha, apo ayi munthu amagulidwa ndi ndalama zake zomwe.

Tiyerekeze kalaliki wolandira K520,000 pamwezi, yomwe ndi K120,000 pasabata, amene wagwira zaka 4. Lamulo la ntchito la Malawi la 2000, monga linasinthidwira mu 2010, limapereka malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse cha zaka 5 zoyambirira kwa wochotsedwa chifukwa chochepetsa antchito. Posiyana mogwirizana ndalamazi sizibwera zokha, koma ndiwo muyeso woyambira pokambirana: masabata 8, K960,000. Akagwirizana kuti achoke nthawi yomweyo osagwira mwezi wa notisi, K520,000 ina iwonjezedwe. Kalata inene ngati ziwerengerozi ndi za msonkho usanadulidwe, itchule tsiku lolipira ndi akaunti ya ku banki. Mawu akuti "posachedwa" si tsiku.

Ndime ya chinsinsi itchule chimene chikubisidwa: kuchuluka kwa ndalama, zimene zinakambidwa, ndi zinsinsi za kampani. Imange mbali zonse ziwiri. Isiyenso mpata woti wantchito auze mkazi kapena mwamuna wake, loya ndi a MRA. Ndime yoletsa munthu kukanena za katangale kapena mlandu kupolisi ndi yosayenera, ngakhale ataisaina.

Kenaka pali mawu ouza anthu. Anzake kuntchito adzafunsa, ndipo kampani ina yomwe akafunsireko ntchito idzaimba foni. Choncho chiganizo chogwirizanacho chilembedwe chonse m'kalatamo, mwachitsanzo: "Atagwira nafe ntchito zaka 4 monga kalaliki, achoka pa 30 Juni mogwirizana ndi kampani." Kalata itchule udindo wa amene aziyankha mafoni otere, ndi kuti sadzawonjezerapo kanthu. Chikalata chotsimikizira kuti munthu anagwira ntchito, chomwe lamulo limati aperekedwe akachipempha, chifanane ndi chiganizochi. Onse awiri asaine pamaso pa mboni, aliyense atenge kope lake.