Chigayo chakale, chigayo chatsopano: masamu ake ndi awa

Funso la kusintha makina limabwera kawirikawiri m'mayeso a za maakaunti ndi kayendetsedwe ka chuma, ndipo ophunzira ambiri amakhumudwa pamalo amodzimodzi. Masamu ake si ovuta, koma munthu amayamba kuwonkhetsa asanadziwe ndalama zimene zikulowa m'nkhani ndi zimene sizikulowamo. Tiyeni tikonze funso limodzi pamodzi, popeza mwini chigayo aliyense amakumana nalo ngakhale sadzalemba mayeso.

Funso lake likuti: kampani ina ili ndi chigayo chimene idagula pa K10,000,000 zaka 6 zapitazo. Chaka chilichonse mtengo wake m'mabuku umatsitsidwa ndi K1,000,000, choncho lero chalembedwa pa K4,000,000 ndipo chatsala ndi zaka 4. Mwezi watha adachikonzetsa pa K300,000. Chitagulitsidwa lero chingapite pa K2,500,000, koma chikagwira ntchito mpaka kutha, ogula zitsulo zakutha adzapereka K500,000 yokha. Chigayo chatsopano ndi cha K18,000,000, ndipo kuchinyamula ndi kuchimanga kudya K2,000,000. Nachonso chigwira zaka 4, mtengo wake m'mabuku uzitsika mofanana chaka ndi chaka mpaka kutheratu, kenaka chidzagulitsidwa pa K2,000,000. Chizipulumutsa K6,800,000 pachaka pa magetsi ndi zokonzetsa. Msonkho ndi 30 peresenti, ndipo eni kampani amafuna phindu la 15 peresenti pachaka pa ndalama zawo. Kodi agule?

Musanagwire kakyuleta, chotsani manambala awiri. K10,000,000 yogulira chigayo chakale ndi K300,000 yokonzetsa zidapita kale. Mugule chatsopano kapena musagule, sizibwerera. Wolemba mayeso amaziika dala kuti aone amene akopeke nazo. Kuyambira pano tikuwerenga zokhazo zimene zisinthe kampani ikasintha chigayo.

Tiyambe ndi lero. Chigayo chatsopano chidya K20,000,000, chifukwa zonyamulira ndi zomangira zili mbali ya mtengo wake. Chakale chibweretsa K2,500,000. Apa ndi pamene msonkho ukulowa koyamba. M'mabuku chigayocho ndi cha K4,000,000, ndiye kuchigulitsa pa K2,500,000 ndi kuluza K1,500,000. Kuluza kumeneku kumachotsedwa pa phindu la kampani msonkho usanawerengedwe, motero msonkho utsika ndi 30 peresenti ya K1,500,000, yomwe ndi K450,000. Tikachotsa K2,500,000 ndi K450,000 pa K20,000,000, ndalama zotuluka lero ndi K17,050,000. Chikanagulitsidwa pamtengo woposa wa m'mabuku, zikanatembenuka: kampani ikanalipira msonkho pa ndalama yapamwambayo.

Tsopano za chaka ndi chaka. K6,800,000 yopulumutsidwa ija siyonse ya kampani ayi. Ndalama zowononga zikachepa, phindu limakwera, msonkho n'kukwera nawo. Boma litenga 30 peresenti, kampani itsala ndi K4,760,000.

Gawo lotsatira ndi limene ndimafuna wophunzira aliyense alimvetse bwino, chifukwa ndi pamene malikisi ambiri amatayikira. Kutsika kwa mtengo wa makina m'mabuku, kumene maakauntanti amati dipurisiyeshoni, si ndalama yotuluka m'thumba. Palibe amene mumampatsa. Ntchito yake m'masamu athu ndi imodzi yokha: kumachepetsa phindu lokhomeredwa msonkho. Chigayo chatsopano chizitsika ndi K5,000,000 pachaka, kutanthauza K20,000,000 kugawa zaka 4. Koma chakale chikanakhalapo chikanamatsikanso ndi K1,000,000 pachaka, ndipo mwayi umenewo ukupita limodzi ndi chigayocho. Chimene kampani yapindula ndi kusiyana kwake, K4,000,000, ndipo 30 peresenti yake ndi K1,200,000. Wotenga K5,000,000 yonse amadziwonjezera K300,000 chaka chilichonse imene kulibe. Tikaphatikiza K4,760,000 ndi K1,200,000, kampani izipeza K5,960,000 pachaka kwa zaka 4.

Kumapeto kwa chaka chachinayi kuli zitsulo zakutha. Chigayo chatsopano chidzakhala chitatheratu m'mabuku, ndiye K2,000,000 yonse imene chidzagulitsidwe ndi phindu lokhomeredwa msonkho, ndipo padzatsala K1,400,000. Ambiri amaimira pomwepa. Amaiwala kuti chakale chija, chikanasungidwa, chikanabweretsa K500,000, imene ikanatsala K350,000 msonkho utachotsedwa. Simungagulitse chigayo chimodzi kawiri, lero ndi mtsogolo. Choncho za chaka chomaliza ndi K1,400,000 kuchotsa K350,000, kutsala K1,050,000.

Chatsala ndi kubweretsa ndalama zonsezi pa tsiku limodzi, chifukwa kwacha ya lero ndi kwacha ya zaka 4 zikubwerazo sizilingana. Ngati K100 imabereka K15 pachaka, ndiye kuti K115 ya chaka chamawa ndi chimodzimodzi K100 ya lero. Matebulo amene amaperekedwa m'mayeso adawerengeratu zimenezi. Pa 15 peresenti, K1 yobwera patatha zaka 4 ndi pafupifupi 57 tambala lero, ndipo tebulo limalemba 0.572. Ndalama yofanana yobwera chaka chilichonse kwa zaka 4 imachulukitsidwa ndi 2.855.

```
5,960,000 × 2.855 = 17,015,800
1,050,000 × 0.572 =    600,600
17,616,400 − 17,050,000 = 566,400
```

Yankho lotsalali ndi limene mabuku amalilemba kuti NPV. Likakhala pamwamba pa ziro, makina atsopano abweza ndalama zake, apereka phindu la 15 peresenti lija, n'kutsalako zina. Pano zatsala K566,400, ndiye yankho la pamayeso ndi lakuti kampani igule.

Koma taonaninso mzere woyamba. K17,015,800 payokha ikuperewera ndi K34,200 kuti ifike pa K17,050,000. Ndiye kuti chimene chapulumutsa chigayo chatsopano ndi mtengo wa zitsulo zakutha, nambala imene ambiri amaiona ngati yongotsekera funso. Woiwala zitsulozo ayankha kuti asagule, ndipo alakwa. Wotenga dipurisiyeshoni yonse ya K5,000,000 apeza phindu lokwera ndi K856,500 yabodza. Mawu ake omaliza akhala olondola, koma malikisi a njira aluza.

Kwa mwini chigayo weniweni, ine sindingamuuze kuti athamangire kugula chifukwa cha K566,400. Mtengo wa chigayo chakutha zaka 4 zikubwerazo ndi wongoyerekeza, ndipo amene adaona kwacha ikugwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 akudziwa mmene mitengo ya makina imasinthira mosayembekezeka. Komanso ndalama zikakhala zangongole yodula, eni n'kufuna 20 peresenti m'malo mwa 15, manambala a m'tebulo amakhala 2.589 ndi 0.482. Zobwera zonse zimatsika kufika pa K15,936,540, zimene zikuperewera ndi K1,113,460, ndipo chigayo chakale chimapambana.

Funsoli latipeputsiranso zinthu ziwiri. Tatenga kuti msonkho ukulipidwa chaka chomwecho, pamene mafunso ena amati umachedwa ndi chaka chimodzi, ndipo zikatero ndalama zonse za msonkho muzisunthire chaka chotsatira. Tatenganso kuti kampani ili ndi phindu lina lokwanira. Kampani imene ikuluza kale ilibe msonkho woti utsike chaka chimenecho, ndiye K450,000 ndi K1,200,000 zija sizifika pa nthawi imene taziika. Kuno ku Malawi bungwe la MRA lili ndi malamulo akeake a kuchuluka kwa zimene mungachotse pa makina powerengera msonkho, ndipo sizikhala zofanana ndi za m'mabuku a kampani. Pamayeso tsatani zimene funso lanena. Pa chigayo chanu, funsani akauntanti za malamulowo musanapereke ndalama kwa wogulitsa.