Kalata imodzi, mabwana atatu: kufunsira ntchito pa imelo

Munthu wofunafuna ntchito salemba kalata imodzi yokha. M'sabata imodzi angathe kuona malo atatu kapena anayi m'nyuzipepala za The Nation ndi The Daily Times, ena n'kuwapeza m'magulu a pa WhatsApp, ndipo masiku otsekera kulandira makalata amakhala oyandikana. Palibe cholakwika kukhala ndi kalata imodzi yoyambira. Pamene ambiri amaphonya ndi poti amangosintha dzina la kampani ndi la udindo, zina zonse n'kuzisiya momwemo. Wolemba anthu ntchito sachedwa kuizindikira kalata yotere. Imanena kuti mwini wake ndi wolimbikira, wokhulupirika, wodziwa kugwira ntchito ndi anzake, koma sikhudza ngakhale chimodzi mwa zimene chilengezo cha ntchitoyo chinapempha.

Tiyerekeze mtsikana wina amene ali ndi dipuloma ya zowerengera ndalama ya ICAM, ndipo wagwira ntchito zaka ziwiri m'golosale yaikulu yopikulitsa katundu ku Limbe. Waona malo atatu a kalaliki wa za ndalama: kuchipatala cha mishoni, kubungwe lomwe si la boma lothandiza alimi, ndi kukampani yogulitsa zipangizo zomangira nyumba. Dzina la udindo ndi lofanana konseko, koma chimene chimawasowetsa tulo mabwana atatuwa n'chosiyana.

Asanatsegule n'komwe imelo, atenge pepala alembe zimene manja ake anachitadi pa zaka ziwirizo. Ankatseka kaundula wa ndalama madzulo alionse, kuonetsetsa kuti zimene zili m'kabati zikugwirizana ndi malisiti. Pakutha pa mwezi ankayerekeza mabuku a sitolo ndi sitetimenti ya kubanki. Ankakonza msonkho wa PAYE kuti ufike ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira, ndi wa VAT pofika pa 25. Ankawerengera katundu wa m'nyumba yosungiramo, ankalondola angongole, ndipo zonsezi ankazisunga mu Excel. Pepala limeneli ndiye nkhokwe yake. Satumiza nkhokwe yonse kwa bwana aliyense. Amatapamo ziwiri kapena zitatu zimene bwanayo wafunsa.

Kalatayo payokha ili ndi mbali zosasintha: chiganizo chonena za maphunziro ake, chonena kuti waphatikizapo mbiri ya ntchito yake ndi masatifiketi, ndi dzina ndi nambala ya foni kumapeto. Zimenezi azikopere mosaopa, palibe amene angamudzudzule. Zoyenera kulembedwa mwatsopano ulendo uliwonse ndi chiganizo choyamba ndi ndime ya pakati, ndipo ntchito yeniyeni ili pa ndime ya pakatiyi.

Makalata ambiri otere kuno kwathu amalembedwa m'Chingerezi, koma mfundo yake ndi imodzi m'chinenero chilichonse. Chilengezo cha kuchipatala chatchula kulandira ndalama kwa odwala ndi kupereka malisiti. Mtsikanayu alembe kuti kwa zaka ziwiri ankalandira ndalama pamanja kwa makasitomala ambiri tsiku lililonse, ndipo sankaweruka asanagwirizanitse kabati ndi malisiti. Za VAT asazitchule n'komwe ngati chilengezo sichinazifunse. Kukampani ya zomangira zinthu zitembenuka: kumeneko akufuna munthu wodziwa kuwerengera katundu, kulondola makontilakitala amene anatenga simenti pangongole, ndi kutumiza msonkho usanachedwe. Apa ndiye atchule masiku a pa 14 ndi pa 25 aja, chifukwa bwana amene analipirapo chindapusa cha kuchedwa adzaona yekha kuti walemba kalatayi si mlendo pa ntchitoyo.

Kalata ya kubungwe ndiyo yovuta, ndipo ndi pamene anthu amayesedwa kuti aname. Chilengezo chikufuna munthu amene anasamalirapo ndalama za mabungwe othandiza, chinthu chimene iye sanachitepo. Kukopera mawu a m'chilengezo n'kuwabweza ngati ake ndi msampha, chifukwa pa intaviyu adzamufunsa kuti afotokoze lipoti limodzi limene analemba, ndipo adzagwira njakata. Chanzeru ndi kusankha m'nkhokwe muja chimene chayandikira. Ndalama za mabungwe zimafuna kuti tambala iliyonse ikhale ndi pepala lake, choncho alembe kuti ankayerekeza mabuku ndi sitetimenti ya kubanki mwezi ndi mwezi, ndipo ankatsata lisiti lililonse losowa mpaka lipezeke. Anene poyera kuti luso limeneli analipeza m'sitolo. Kwa ine, kalata yovomera malire ake motere imakhulupirika kuposa yodzitama kuti ikudziwa zonse.

Chiganizo choyamba chingonena udindo monga momwe walembedwera m'chilengezo, kumene anachiona ndi tsiku lake. Mawu oyamikira aja akuti "kampani yanu yotchuka ndi yolemekezeka" awachotse, chifukwa amakwanira paliponse, ndiye chifukwa chake amanunkha kukopera. Ngati pali chinthu chenicheni chimene akudziwa za malowo, monga kuti bungwelo limagwira ntchito m'boma la kwawo ndipo iye amayankhula chinenero cha kumeneko, achitchule m'chiganizo chimodzi. Ngati palibe, angokhala chete.

Akamaliza, ayese kalatayo motere: aphimbe ndi chala dzina la malowo, awerenge zotsalazo. Ngati kalata ya kuchipatala ingathe kupita kukampani ya simenti popanda kusintha liwu, ndiye kuti sanaisinthe, wangoiveka dzina lina.

Tsono pali zizindikiro zina zimene zimaulula munthu ngakhale mawu ake akhale abwino. Choipitsitsa ndi kuika maadiresi onse atatu pa mzere wa To kapena wa Cc, pamene bwana aliyense amaona kuti anzake alandiranso zomwezo. Kubisa maadiresi pa Bcc sikupulumutsa, popeza kalata imakhalabe imodzi yopanda mwini. Ena amatenga imelo imene anatumiza dzulo n'kudina Forward, osaona kuti pamutu pawonjezeka Fwd: ndipo m'munsi mwatsala adiresi ya kumene inapita poyamba. Imelo iliyonse iyambidwe payokha. Pomata mawu ochokera mu Word, zilembo zimatha kusiyana kukula ndi maonekedwe, moti dzina la kampani lolembedwa kumene limaonekera ngati chigamba chatsopano pa nsalu yakale. Pa kompyuta, kumata ndi Ctrl+Shift+V mu Gmail kumachotsa vutoli.

Dzina la malo akale limakonda kubisala pakati pa ndime, makamaka polemba pa foni pamene munthu saona kalata yonse nthawi imodzi. Kompyuta ikapezeka, Ctrl+F imathandiza kusakasaka dzinalo, ndipo asake ndi mawu ngati "chipatala" kapena "odwala" omwe, chifukwa nawonso amatsalira. Ayang'anenso dzina la failo imene waphatikiza: ikhale ya PDF, yokhala ndi dzina lake iye mwini, osati la kampani ina. Pa mzere wa Subject alembe ndendende zimene chilengezo chalamula, pamodzi ndi nambala ya udindo ngati ilipo, chifukwa maofesi ena amasankhula makalata potsata mzere umenewu.

Adiresi ya wolandira muziilemba pomalizira penipeni, mutawerenga kalata yonse ndi kutsegula mafailo kuti muone ngati ndi oyenera. Imelo yopanda adiresi singachoke mwangozi, ngakhale chala chitaterereka pa Send.