Mayeso a Raven

Mayeso a Raven ndi mayeso oyeza kaganizidwe ka munthu pogwiritsa ntchito zithunzi m'malo mwa mawu kapena masamu. Anawakonza ndi John C. Raven, katswiri wa maphunziro a kaganizidwe wa ku Britain, ndipo anasindikizidwa koyamba mu 1938. Mayeso oyambirirawo ali ndi mafunso 60 ogawidwa m'magulu asanu, gulu lililonse mafunso 12, ndipo mafunsowo amanka navutiravutira.

Mmene funso limakhalira

Mafunso ovuta amakhala ndi mabokosi 9 oyalidwa m'mizere itatu. Bokosi lomaliza, la kumunsi kumanja, limakhala lopanda kanthu. Woyesedwa amayenera kupeza lamulo limene zithunzizo zikutsatira, kenako n'kusankha chithunzi chosowacho pa mayankho 8 amene wapatsidwa.

Chitsanzo

Tinene kuti mzere woyamba uli ndi nyenyezi imodzi, mitanda iwiri ndi mivi itatu, zonse zoyera. Mzere wachiwiri uli ndi mtanda umodzi, mivi iwiri ndi nyenyezi zitatu, zonse zamizeremizere. Mzere wachitatu uli ndi muvi umodzi wakuda, nyenyezi ziwiri zakuda, kenako bokosi lopanda kanthu.

Njira yodalirika ndiyo kuona chinthu chimodzi pa nthawi. Poyamba chiwerengero: mumzere uliwonse zinthu zikuwonjezeka kuchokera pa chimodzi kufika pa zitatu, choncho m'bokosi lomaliza muyenera kukhala zinthu zitatu. Kachiwiri mtundu: sukusintha mkati mwa mzere, ndiye zinthuzo zikhala zakuda. Kachitatu maonekedwe: mzere uliwonse uli ndi nyenyezi, mtanda ndi muvi, chilichonse m'bokosi limodzi lokha. Mumzere wachitatu muvi ndi nyenyezi zilimo kale, kutanthauza kuti watsala ndi mtanda. Yankho ndi mitanda itatu yakuda.

Pamene anthu amalakwitsa

Mayankho olakwika amakonzedwa dala kuti azifanana ndi lolondola. Pachitsanzochi pakhoza kukhala mitanda itatu yoyera kapena mivi itatu yakuda. Munthu amene wapeza malamulo awiri n'kuthamangira kusankha amakodwa mosavuta. N'chifukwa chake ndi bwino kulingalira kaye yankho lonse m'mutu musanayang'ane zosankha, komanso kuonetsetsa kuti lamulo limene mwapeza likugwira ntchito pa mzere woyamba ndi wachiwiri womwe. Lamulo logwira pa mzere umodzi wokha limakhala longoganizira.

Malire a mayesowa

Popeza mulibe mawu, mayesowa amagwiritsidwa ntchito pa anthu a zilankhulo zosiyanasiyana. Komabe maphunziro ndi kuzolowera zithunzi za papepala zimakhudza zotsatira. James Flynn anasonyeza kuti anyamata olembedwa usilikali ku Netherlands, amene ankalemba mayeso a mtundu umenewu, anakwera ndi mapointi pafupifupi 20 pa sikelo yoyezera nzeru pakati pa 1952 ndi 1982. Kusintha kwa zaka 30 zokha kotereku n'kofulumira kwambiri moti sikungachokere ku chibadwa. Choncho malikisi a munthu amakhala ndi tanthauzo pokhapokha akayerekezedwa ndi a anthu a msinkhu wake, nthawi yake ndiponso dera lake.