Usiku wosintha swichi yaikulu: njira yobwerera imayamba kulembedwa

Pafupifupi ofesi iliyonse yaikulu ili ndi kachipinda kozizira komwe anthu ambiri sanalowemo. Mumakhala kabati yachitsulo, ndipo m'kabatimo muli bokosi lomwe mawaya a nyumba yonse amakumanako. Akatswiri amalitcha swichi yaikulu. Chipinda chilichonse chosanja chili ndi swichi yake yaing'ono, koma uthenga wochoka pa kompyuta ya akauntanti kupita ku seva, ku makina osindikizira kapena pa intaneti umayenera kudutsa pa yaikuluyi. Ili ngati depoti ya mabasi: ikatsekedwa, ngakhale misewu yonse ili bwino, palibe amene afike kumene akupita.

Bokosili limakalamba. Fani imayamba kulira, kampani yomwe inalipanga imasiya kulikonza, ndipo tsiku limafika loti lichotsedwe. Ntchito yozula ndi kulumikiza mawaya payokha si yovuta. Chovuta n'choti ichitike pakati pa Loweruka usiku ndi Lamulungu m'bandakucha, anthu ali ndi tulo m'maso, ndipo Lolemba aliyense apeze zinthu zikuyenda ngati palibe chachitika. N'chifukwa chake pamalembedwa chikalata cha dongosolo la kusinthaku, ndipo akuluakulu amachisayina ntchito isanayambe.

Tiyerekeze ofesi ya nyumba yosanja kanayi, yokhala ndi nyumba yosungira katundu kuseri kwa bwalo. Akuchotsa Cisco Catalyst 3850 n'kuikapo Catalyst 9300. Maswichi aang'ono alipo asanu ndi limodzi, lililonse ndi mawaya awiri a faiba, ndiye 12. Maseva ali ndi mawaya 8, fayawolo yomwe imalondera khomo la intaneti ili ndi awiri. Onse pamodzi mawaya 22. Nthawi yomwe abwana apereka ndi kuyambira 10 koloko usiku Loweruka mpaka 4 koloko m'bandakucha. Sabata yake isakhale ya kumapeto kwa mwezi, chifukwa a malipiro amagwira ntchito ngakhale Lamulungu ndipo sakhululuka.

Wolemba dongosolo wanzeru amayambira kumapeto. Funso loyamba ndi ili: zikakanika, kubwezera zonse mwakale kutenga nthawi yaitali bwanji? Kubweza waya umodzi n'kuona kuti nyali yake yayaka ndi mphindi ziwiri, ndiye mawaya 22 ndi mphindi 44. Kuyesa kuti zonse zabwerera ndi mphindi 30. Onjezani mphindi 15 za waya wokakamira ndi zala zotopa, mwafika pa ola limodzi ndi theka. Mukachotsa nthawiyi pa 4 koloko mupeza 2:30. Nambala imeneyi ilembedwe ndi zilembo zazikulu patsamba loyamba, pamodzi ndi dzina la munthu mmodzi amene adzagamule. Ikakwana 2:30 zinthu zofunika zisanayende, palibenso kukambirana, mawaya akubwerera. Ine ndimakonda kuti wogamulayo asakhale amene manja ake ali pa kiyibodi, chifukwa katswiri akakakamira vuto nthawi zonse amaona ngati kwatsala pang'ono.

Chikalatacho chinenenso mwatchutchutchu zomwe zikakanika tibwerera. Intaneti, seva ya akaunti ndi mafoni a pa netiweki zikakanika, tibwerera. Makina osindikizira amodzi akakanika, tipitiriza, tidzawakonza kukacha.

Ntchito yambiri imachitika mkati mwa sabata, dzuwa likuswa mtengo. Choyamba ndi kujambula chithunzi cha netiweki ili yamoyo, kuti usikuwo pakhale chofanizira. Lachisanu masana, anthu onse ali pa ntchito, timalemba malamulo awa pa swichi yakale n'kusunga mayankho ake pa laputopu:

```
show running-config
show vlan brief
show interfaces status
show cdp neighbors
show ip route
show mac address-table count
```

Loyamba limaonetsa malangizo onse omwe swichi ikutsatira. Enawo amanena magulu a netiweki omwe alipo, mapoti omwe ali amoyo, maswichi oyandikana nawo, njira zomwe uthenga umadutsa, ndi chiwerengero cha zipangizo zomwe zikuoneka. Loweruka usiku tiwabwereze tisanakhudze kanthu, popeza makompyuta ambiri amakhala ozimitsa ndipo chiwerengero chimatsika. Mayankhowa asungidwe pa laputopu ndi papepala, osati pa seva ya ofesi. Seva imeneyo simudzaifikira netiweki ikadzagona.

Lamulo lachiwirilo lili ndi nkhani yake. VLAN ndi mpanda wosaoneka womwe umalekanitsa, mwachitsanzo, makompyuta a akaunti ndi makamera a alonda ngakhale akudutsa pa waya umodzi. Pa maswichi ambiri a Cisco mndandanda wa magulu amenewa umasungidwa mu fayilo yapadera yotchedwa `vlan.dat`, ndipo kutengera mmene swichi inakonzedwera, suoneka m'malangizo aja. Munthu akangokopera malangizo n'kuwamata pa swichi yatsopano, gulu lina likhoza kutsala. Nyali za mapoti zimayaka bwinobwino, koma makamera onse ali ndi mdima. Mankhwala ake n'kuika mayankho a `show vlan brief` a maswichi awiriwo pambali n'kuwerenga mzere ndi mzere. Malangizo enawo nawonso samatidwa mwachimbulimbuli, chifukwa mayina a mapoti amatha kusiyana: poti yomwe inali `GigabitEthernet1/1/1` ikhoza kukhala `TenGigabitEthernet1/1/1` pa bokosi latsopano.

Kenako ndi ntchito yomwe achinyamata amaipeputsa: kumata kapepala pa waya uliwonse, kolembedwa poti yakale ndi poti yatsopano, ndi kujambula kabati yonse pa foni. Swichi yatsopano imangidwe m'kabati pasadakhale, pansi kapena pamwamba pa yakale, iyake masiku angapo popanda waya wa netiweki. Onani ngati mawaya onse akufika. Waya wochepa ndi chikhatho chimodzi umaimitsa ntchito yonse. Ndipo kuno kwathu chikalata chosatchula mafuta a jenereta ndi mabatire osungira magetsi sichinathe kulembedwa.

Usiku wakewo umayenda motere. Pa 10 koloko wotsogolera amatumiza uthenga woti ntchito yayamba, timatenga chithunzi chomaliza chija. Pa 10:30 timayamba kusamutsa mawaya, mmodzi akuwerenga pepala mokweza, wina akuzula ndi kulumikiza, wachitatu akuyang'ana pa laputopu yolumikizidwa ku swichi ndi waya wa konsolo, womwe umagwira ntchito ngakhale netiweki itafa. Timayamba ndi fayawolo, kenako maseva, kenako zipinda chimodzichimodzi, ndipo sitipita ku gulu lina tisanaone kuti loyambalo layankha. Maswichi awiriwa sitiwalumikiza okhaokha, chifukwa onse ali ndi adiresi imodzi ya khomo, monga `10.10.20.1`, ndipo awiri akamayankha dzina limodzi uthenga umasokera. Pa mphindi zitatu waya uliwonse, pofika 12 koloko tiyenera kukhala titamaliza.

Swichi yakale ikhale pomwepo, yoyaka, malangizo ake osakhudzidwa. Imeneyo ndiyo njira yobwerera. Wina akaifufuta kapena kuitsitsa m'kabati kuti apeze malo, wagumula mlatho asanawoloke.

Pamenepa ndi pomwe ndinaphunzira ndi thukuta. Pa ofesi ina yomwe sinditchula, zonse zinayenda mpaka tinafika pa waya wopita ku nyumba ya katundu. Nyali siinayake. Tinatembenuza timitu tiwiri ta faiba, tinatipukuta, zii. Cha m'ma 1 koloko mnzanga wamkulu anawalitsa tochi n'kunena kuti, “Achimwene, taonani mtundu wa waya umenewu.” Unali wachikasu, pomwe ena onse anali a mtundu wa lalanje. Wachikasu nthawi zambiri umakhala faiba ya ulendo wautali, ndipo umafuna kachipangizo kolowetsa m'poti kolembedwa LX, komwe kamafika makilomita 10. Ife tinagula tonse tolembedwa SX, ta mtunda wosapitirira mamita 550 pa faiba ya mtundu winawo. Pepala lathu linali ndi mapoti onse, koma linalibe danga la mtundu wa waya.

Yankho linali pafupi: kusolola kachipangizo ka LX pa swichi yakale. Koma kutero kunali kuchotsa thabwa pa mlatho uja. Tinaimbira foni amene anali ndi mphamvu yogamula. “Pepani bwana takudzutsani. Tikufuna kubwereka kachipangizo kamodzi pa yakale, ndipo tikabwerera m'mbuyo pawonjezereka mphindi zisanu.” Anavomera, tinalemba pa pepala lobwerera kuti kachipangizoka kayambe kubwezedwa, ndipo nyali inayaka. Ena angati kudzutsa munthu chifukwa cha kachitsulo konga chala n'kukokomeza. Ine ndimati 3 koloko usiku palibe amene amakumbukira chomwe sanalembe.

Nyali zikayaka si ndiye kuti ntchito yatha. Timabwereza malamulo aja n'kufanizira: ngati 10 koloko panali maswichi oyandikana asanu ndi limodzi, tsopano akhalenso asanu ndi limodzi, ndipo chiwerengero cha zipangizo chiyandikire chakale. Kenako munthu ayende ndi miyendo chipinda chilichonse, atsegule pulogalamu ya akaunti, aimbe foni, asindikize tsamba, ayese makina odindira chala pakhomo. Chipangizo china chikamayankha anzake a gulu limodzi koma osafika kunja, mwina chikukumbukirabe nambala ya bokosi lakale, yotchedwa MAC. Makompyuta amaiwala msanga, koma marauta a Cisco amasunga nambalayi maola anayi ngati sanauzidwe zina. Lamulo la `clear arp-cache` pa rautayo limathetsa vutoli, ndipo kamera kapena makina osindikizira mumangozimitsa n'kuyatsanso.

Ikakwana 2:30 zofunika zija zisakuyenda, timatsata tsamba lobwerera mmene linalembedwera: fayawolo, maseva, zipinda, waya uliwonse ku poti yakale yomwe ili pa kapepala, kenako mayeso omwewo. Swichi yatsopano tisaizimitse tisanasunge yankho la `show logging`, chifukwa mmenemo ndi momwe tidzapeze chomwe chinavuta pokonzekera Loweruka lina.

Zikayenda, lamulo lomaliza ndi `write memory`. Popanda limeneli, chilichonse chomwe takonza usikuwo chidzafufutika magetsi akadzangothima koyamba. Tikatero timatumiza uthenga woti ntchito yatha, ndipo mmodzi wa ife amafika Lolemba 7 koloko anthu asanayambe kulowa, popeza mavuto ena amaoneka pokhapokha nyumba yadzaza. Swichi yakale imakhalabe m'kabati sabata yathunthu, ndi timapepala tonse tili pa mawaya. Inu amene mumasayina zikalata zoterezi, musanagwire cholembera funsani nthawi yobwerera ndi dzina la wogamula. Zikasowa, chibwezeni chikalatacho.