Kalata ya aphunzitsi kwa amayi a banki m'khonde

Amayi ena amene adapuma pa ntchito ya uphunzitsi adalembera kalata anzawo a Mvano, omwe amasonkha nawo masheya m'banki m'khonde ya pampingo. Adaikamo mabizinesi atatu, ndipo pa iliyonse adafunsa funso limodzi: kodi ndalama idzakhala itabwerera tsiku logawana mu Disembala lisanafike?

Yoyamba ndi nkhuku za mikolongwe, zomwe dzina lake lidachokera ku Mikolongwe m'boma la Chiradzulu. Zimakula kuposa zachikuda, zimaikiranso mazira ambiri, koma sizikonda kufungatira. Nchifukwa chake aphunzitsiwo adati mazira aziikiridwa thadzi lachikuda, lomwe limaswa pakatha masiku 21. Mdani wamkulu ndi chitopa. Nkhuku ikayamba kugwetsa mapiko, kutsegula m'mimba zobiriwira ndi kupinda khosi, katemera sangaithandizenso. Katemera wa I-2 amadonthezedwa m'diso la nkhuku yomwe isanadwale, dontho limodzi miyezi inayi iliyonse, ndipo adapempha kuti amayi awiri aphunzire ntchitoyi kwa alangizi a ziweto.

Yachiwiri ndi kusoka yunifolomu ya sukulu, msika umene iwo amaudziwa bwino. Makolo amagula kwambiri mu Seputembala sukulu zikamatsegulira, choncho nsalu igulidwe mu Julayi, kusoka kuthe mu Ogasiti. Adachenjeza za ngongole: kholo lizipereka theka la mtengo poyezetsa mwana, theka linalo potenga chovala.

Pa yachitatu mpamene kalatayo idakhalitsa. Gulu ligule chimanga mu Juni chili chotchipa, lichisunge m'matumba a PICS, lidzagulitse mu Januwale kapena Febuluwale nkhokwe zitauma. Thumba la PICS lili ndi mapulasitiki awiri mkati ndi saka kunja. Lililonse likamangidwa palokha, mpweya sulowa ndipo anankafumbwe amafa popanda mankhwala. Koma chimanga chachinyezi chimachita nkhungu. Pofuna kudziwa ngati chauma, amathira chimanga ndi mchere wouma m'botolo louma nkukhutchumula. Mchere ukamamatira m'mbali, chimangacho chibwerere padzuwa. Matumba akhale pa thandala, osatsamira khoma, chifukwa khoswe akaboola pulasitiki, chitetezo chatha.

Vuto lake ndi kalendala. Chimangachi chimagulitsidwa gulu litagawana kale, pamene amayi amafuna ndalama zawo mu Disembala zogulira feteleza wobereketsa ndi kulipira fizi. Komanso mtengo sukwera mofanana chaka chilichonse.

Aphunzitsiwo adati ndalama ya chimanga isachoke m'bokosi la masheya, ngakhale m'thumba la zadzidzidzi lothandizira matenda ndi maliro. Ofuna asonkhe padera, ndalamayo ikhale ndi kaundula wakewake, ndipo aliyense asaine kuti phindu adzaliona mu Malichi. Adamaliza ndi pempho lakuti gulu liyambe ndi bizinesi imodzi, livote pa msonkhano wotsatira, ndipo msungichuma aziwerenga kaundulayo mokweza mwezi uliwonse.